Makina a oksijeni afika olakwika: mafunso ndi mayankho pa imelo yopempha kuti akusinthireni

"Ndine namwino woyang'anira kiliniki yaing'ono kuno ku Dedza. Tinagula makina atatu opanga oksijeni ku kampani ina ya ku Lilongwe, koma amodzi akungoliza alamu. Ndaimba foni kawiri, akungoti tiona. Ndiwalembere chiyani kuti atisinthire, koma tisadane?"

Mayi, foni muisiye kaye, lembani lero lomwe. Mawu a pafoni amapita ndi mphepo, ndipo masiku akamapita inu ndi amene mukuluza. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu m'dziko muno, Sale of Goods Act, limapatsa wogula mpata woyendera katundu yemwe wabwera, komanso ufulu womukana ngati sakufanana ndi zomwe munagwirizana kapena sangagwire ntchito yomwe munamugulira. Koma lamulo lomwelo likuti mukasunga katunduyo kwa nthawi yaitali osamuuza wogulitsa kuti mwamukana, ndiye kuti mwamulandira. Silitchula kuti masiku angati, limangoti nthawi yoyenera. Choncho imelo yanu isangokhala yodandaula. Ikhale umboni wakuti tsiku lakuti munanena poyera kuti makina awa simunawalandire.

Ndinagwirapo ntchito ku sitolo ya chipatala china cha mishoni, ndipo kalata zomwe ndinaona zikuyankhidwa msanga sizinali zaukali. Zinali zokhala ndi manambala.

"Manambala ake ati? Ine ndimangodziwa kuti akulira."

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musafulumire kutsegula imelo musanachite izi. Mukalemba kuti "makina sakugwira ntchito", yankho lake ndikulidziwa kale: akuuzani kuti ndi magetsi anu, kapena simukudziwa kuwayatsa. Muyenera kutseka makomo amenewo iwo asanalowepo.

Yambani ndi kapepala komatidwa kumbuyo kwa makina. Pamenepo pali dzina la mtundu wake, siriyo nambala, ndi magetsi omwe amafuna. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230 pa 50 Hz. Ngati palembedwa 110 kapena 120 V, makinawo anapangidwira dziko lina, musawayatsenso n'komwe, cholakwa ndi chimenecho basi. Kenako onani kawindo kowerenga maola omwe makina agwira ntchito. Atsopano amaonetsa ziro kapena maola owerengeka a ku fakitale. Mukapeza maola mazana, akugulitsani ogwiritsidwa kale ntchito pamtengo wa atsopano.

Tsopano muyese mpweya weniweniwo. Pamafunika kachipangizo koyezera kuchuluka kwa oksijeni, amisiri amangoti analaiza. Ngati mulibe, pemphani mmisiri wa zipangizo za chipatala kuti abwere nako, ndipo alembe zomwe wapeza asaine. Yatsani makina, muwasiye atenthe kaye mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo muyese kawiri: pa malita 2 pa mphindi, kenako pa malita 5, pomwe makina a saizi imeneyi amathera. Ambiri amalembedwa m'buku lawo kuti amatulutsa oksijeni pafupifupi 93 peresenti, ndipo alamu imalira akatsika pansi pa 82. Makina odwala nthawi zambiri amadzibisa pa malita ochepa, n'kudzaonekera poyera mukatsegula mpaka 5. Gwero lake limakhala chinyezi chomwe chalowa m'mabotolo osefa mpweya a m'kati, kapena kapaipi komwe kasololoka galimoto ikudumpha m'maenje.

Chomwe ndimachikonda kwambiri ndi ichi, ndipo sichilira ndalama: yesani makina onse atatu pa soketi imodzimodzi, tsiku limodzi. Dedza ndi pamwamba, boma lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo n'zoona kuti kumalo okwera makinawa amafooka pang'ono. Wogulitsa wochenjera akhoza kubisala pamenepo. Koma ngati awiri akupereka 94 ndi 93 peresenti, achitatu 71, pa soketi yomweyo m'chipinda chomwecho, nkhani ya phiri ndi ya magetsi yathera pomwepo.

Jambulani zonse ndi foni: kapepala ka kumbuyo, kawindo ka maola, nambala yomwe analaiza ikuonetsa, katoni mbali zonse zinayi, ndi kavidiyo kakafupi alamu ikulira. Katoni ndi zotchingira zake musatayitse, ngakhale wina ataipempha kuti akasungiremo mbatata.

"Ndinasaina kale delivale noti. Ndiye kuti ndadzimanga?"

Osati kwenikweni. Kusaina kumasonyeza kuti makatoni atatu afika, ndipo vuto lobisika m'kati simukanaliona dalaivala ali pakhomo injini ikulira. Chomwe chimavuta ndi katoni yophwanyika yomwe munaiona koma osalemba. Ulendo wina lembani ndi cholembera pafupi ndi saini yanu kuti "talandira, sitinayese", komanso chilichonse chooneka ndi maso. Werenganinso kuseri kwa invoisi kapena kotesheni: makampani ena amalembapo masiku omwe muyenera kudandaula, ndipo masikuwo muwatsate.

"Chabwino, tionetseni imeloyo."

Pa `To` ikani adiresi ya kampani yomwe ili pa invoisi, osati ya mnyamata wogulitsa yekha, chifukwa iye mawa akhoza kusiya ntchito. Pa `Cc` ikani mwini kiliniki kapena woyang'anira chuma. Pa `Subject` pakhale nkhani yonse m'mzere umodzi: "Makina a oksijeni olakwika, invoisi 0318: tikupempha ena pofika pa 14 Marichi". Manambala ndi masiku ali apawa ndi ongoyerekeza, muikepo anu. Ngati mumalemberana nawo m'Chingerezi, ndondomeko yake ndi yomweyi.

> Bambo kapena Mayi,
>
> Lachiwiri pa 4 Marichi tinalandira makina atatu opanga oksijeni a malita 5, malinga ndi kalata yathu yoitanitsa katundu ya LPO nambala 112 ndi invoisi yanu nambala 0318. Zikomo pofikitsa katunduyu pa tsiku lomwe tinapangana.
>
> Pa 5 Marichi mmisiri anayesa makina onse atatu pa soketi imodzi. Awiri anapereka oksijeni 94 ndi 93 peresenti pa malita 5. Achitatu, a siriyo nambala yothera ndi 4471, anapereka 88 peresenti pa malita 2 ndi 71 peresenti pa malita 5, ndipo alamu ya oksijeni wochepa sikusiya kulira. Buku la makinawa likunena 93 peresenti. Zithunzi, vidiyo ndi lipoti la mmisiri taziphatika pa imelo ino.
>
> Pa chifukwa chimenechi, makina a 4471 sitikuwalandira. Sitinawatsegule m'kati, sitinawagwiritse ntchito pa wodwala, ndipo tawabwezera mu katoni yake. Awiri enawo tikuwasunga. Chonde tsimikizani kuti kutero sikukhudza kukana kwathu kwa achitatuwa.
>
> Tikupempha kuti mutibweretsere makina ena atsopano a mtundu womwewo pofika Lachisanu pa 14 Marichi, ndipo mudzatenge olakwikawo ulendo womwewo, mtengo wa mayendedwe uli kwa inu. Ngati mulibe ena m'sitolo, tiuzeni pofika pa 10 Marichi kuti tikambirane zobweza ndalama za makina amodziwo.
>
> Tinalankhula ndi ofesi yanu pafoni pa 5 ndi pa 6 Marichi. Chonde yankhani pa imelo ino kuti zonse zikhale zolembedwa.
>
> Ine wanu,
> (dzina, udindo, kiliniki, foni)

Taonani zomwe mulibemo. Simunawatchule akuba, simunanene za loya, ndiponso simunapepese. Ife timakonda kuyamba ndi "pepani pokuvutitsani" n'kumaliza ndi "ngati n'kotheka", poopa kuoneka amwano. Ulemu uli mu moni, mu zikomo ndi mu chonde, ndipo wakwana. Mukawonjezera "ngati n'kotheka" mwawapatsa chilolezo choyankha kuti sizitheka. Mphamvu ya kalatayi ili pa mawu akuti "sitikuwalandira" ndi pa tsiku lenileni. "Mwamsanga" si tsiku.

Mzere wa makina awiri abwinowo musauchotse. Pa oda imodzi, kulandira gawo la katundu kungapatse wogulitsa chonena chakuti munalandira zonse, n'chifukwa chake ndi bwino avomereze polemba.

"Akuti atumiza mmisiri wao adzakonze. Ndivomere?"

Apa ndikuuzeni chilungamo. Chomwe lamulo lija limakupatsani mukakana katundu ndi kusalipira kapena kubwezeredwa ndalama; kusinthiridwa kumachokera pa waranti kapena pa mgwirizano wanu ndi wogulitsa. Ma waranti ambiri amati kampani idzakonza kapena kusintha, ndipo yosankha ndi kampaniyo. Nchifukwa chake mu imelo muja nkhani ndi yokana katundu wofika wolakwika, osati yopempha thandizo la waranti. Wogulitsa akaona kuti njira inayo ndi kubweza ndalama, nthawi zambiri amasankha yekha kubweretsa makina ena.

Kubwera kudzaona, mloleni abwere, ndi ufulu wao kutsimikiza. Ngati ndi kachinthu kakang'ono monga fyuluta yosakhala bwino, ndipo atakonza analaiza ikuonetsa bwino pa malita 5 inu mukuona, mukhoza kulandira. Koma makina atsopano ofuna kusintha mabotolo a m'kati kapena kompuresa sabata yoyamba, ine sindingawavomere. Munalipira atsopano. Mukalola kuti akonze, lembani kuti mwalola kuti ayesere chabe, ndipo zikakanika kukana kwanu kudakalipo.

Chomwe musachite n'kuitana mmisiri wa mawailesi wa pa msika kuti atsegule. Chidindo cha pa sikuluu chikang'ambika, waranti yapita, ndipo mlandu wasanduka wanu. Musawapatsenso wodwala poganiza kuti 71 peresenti ndi bwino kusiyana n'kusowa. Matani pepala lolembedwa kuti "osagwiritsa ntchito", chifukwa wogwira usiku sadziwa zomwe zinachitika masana.

"Nanga ndalama zotsala ndilipire?"

Lipirani za makina awiri abwinowo pa nthawi yake, za achitatuwo mugwire, ndipo muwauze polemba kuti mwatero ndi chifukwa chake. Kugwira ndalama zonse kumawapatsa nawonso dandaulo.

"Tsiku lafika, zii."

Lembani imelo yachiwiri pansi pa yoyamba yomweyo, ya mizere itatu kapena inayi: tsiku lomwe tinapempha ladutsa, tikupereka masiku ena asanu ogwira ntchito, kupanda kutero tifuna ndalama zathu ndipo tikadandaula ku mabungwe oyenera. Apa ndi pomwe mungawatchule maina. Nkhani za malonda osalungama zimapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo PMRA, yomwe imayang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala, ndi yoyenera kuidziwitsa ngati chipangizocho chingaike odwala pa chiopsezo. Muisindikizenso imeloyo, wina wopita ku Lilongwe akaisiye ku ofesi yao ndipo am'dindire kope lanu.

Anzathu a m'zipatala za boma, inu njira yanu ndi ina: lembani lipoti lomweli ndi manambala omwewa, koma lipite ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, pakuti wolembera wogulitsa ndi amene anasaina oda.

"Akabweretsa ena, ndingosaina?"

Mpatseni dalaivala mpando ndi tiyi, kuno kumazizira. Yatsani makina iye ali pomwepo, dikirani mphindi khumi ndi zisanu, yesani pa malita 5, ndipo onani maola ndi siriyo nambala, kuopa kuti angakubwezereni omwe aja atawapukuta. Nambala yatsopanoyo ilembedwe pa delivale noti ndi pa pepala la waranti. Olakwikawo asakwere galimoto dalaivala asanasaine kapepala kosonyeza kuti watenga makina a 4471, tsiku lakuti, ndipo kapepalako mukasunge mu fayilo limodzi ndi invoisi.