Shuga wa m'magazi mukatha kudya: zimene mbale yanu imachita, ndi nthawi yoyezera

Uthengawu ndi wa anthu a ku Dedza ndi Ntcheu amene ali ndi matenda a shuga, komanso amene amawaphikira. Ambiri amayezedwa shuga m'mawa asanadye kanthu, pa tsiku la sikelo yawo kuchipatala, ndipo nambala ikaoneka bwino amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma nambala ya m'mawa siinena zimene zimachitika masana mukatha nsima. Munthu angathe kudzuka ndi shuga wa 6.5, n'kumafika 14 tsiku lililonse akadya nkhomaliro, iye osamva kalikonse m'thupi. Kukwera kobwerezabwereza kotereku kumawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono.

Zimene zimachitika chakudya chikalowa

Nsima, mbatata, kachewere, chinangwa, mpunga ndi buledi sizitsekemera m'kamwa ngati shuga wa m'tiyi, koma zili ndi sitachi, ndipo sitachi akagayika m'matumbo amasanduka shuga yemweyo amene kamakina koyezera shuga m'magazi kamayeza. Shugayu amayamba kukwera m'magazi pakangopita mphindi 10 kapena 15 chiyambire kudya. Kwa munthu wopanda matendawa, kapamba amatulutsa insulini mwamsanga, shuga amafika pachimake pakatha pafupifupi ola limodzi, kawirikawiri osapitirira 7.8 mmol/L, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu amakhala atabwerera pamene anali. Kwa wodwala shuga, insulini imachedwa kapena imachepa, motero shuga amakwera kwambiri, amachedwa kufika pachimake, ndipo amatsika mwaulesi. Nthawi zina chakudya chamadzulo chimamupeza asanatsike n'komwe.

Chinthu choyamba chimene chimalamula kukweraku ndi kuchuluka kwa sitachi m'mbale. Pa magalamu 100 a ufa wa chimanga, pafupifupi 70 ndi sitachi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika ndi mgaiwa. N'zoona kuti mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, koma sitachi wake ndi wochuluka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo chigayo chimaupera mosalala ndithu moti suvuta kugayika. Mitanda itatu ya mgaiwa idzakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa ufa woyera. Amene anasiya ufa woyera koma chipande n'kukhala chomwecho, asadabwe nambala zikakana kutsika.

Chachiwiri ndi mmene chakudyacho chilili. Chamadzimadzi chimadutsa m'mimba mothamanga. Tiyi wa masipuni atatu a shuga, thobwa, skwashi, madzi a zipatso ndi zakumwa za m'botolo zimakweza shuga mofulumira kwambiri, ndipo chimake chake chimatha kufika pa mphindi 30 mpaka 45. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi asanu ndi atatu. Thobwa ena amaliona ngati lotetezeka poti n'lakumudzi, koma chimera chimayamba kale kusandutsa sitachi kukhala shuga lisanafike pakamwa, ndiye ambiri amathiramonso shuga wina. Phala losalala limakweza shuga mofulumira kuposa chimanga chokazinga kapena chophika, chimene mano ndi matumbo zimavutika nacho. Kachewere wophikidwa mpaka kufewa, wodyedwa yekha ali wotentha, ali m'gulu la zakudya zothamanga kwambiri. Mukamuphika n'kumusiya azizire, sitachi wina amauma n'kukana kugayika, koma kusiyanaku n'kochepa, musakudalire kuti muwonjezere mbale.

Ndiwo zimasintha ulendo wonse

Palibe amene amadya nsima yosinkha mwakufuna, ndipo ndiwo zimene zili pambali zimasintha kwambiri mmene shuga akwerere. Mafuta ndi zakudya zomanga thupi, monga nsinjiro, usipa, matemba, mazira ndi nyama, zimachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu. Masamba monga mpiru, nkhwani, bonongwe ndi chigwada amadzaza mimba popanda kuwonjezera sitachi wodziwika, ndipo therere limakuta chakudya kuti shuga alowe m'magazi pang'onopang'ono. Nyemba, khobwe ndi nandolo zili ndi sitachi ndithu, koma wogayika mochedwa kwambiri, moti nyemba zimene mwadya masana zimathandizanso kuti chakudya chotsatira chisakweze shuga kwambiri. N'chifukwa chake futali wa mbatata amakweza shuga modekha kusiyana ndi mbatata yomweyo yophika, yodyera tiyi wa shuga.

Ndondomeko ya kadyedwe nayonso ili ndi mbali yake. Mukayamba mwadya masamba ndi nsomba kapena nyemba, kenako n'kumatsira nsima pambuyo pa mphindi khumi, chimake chimatsika kusiyana ndi mutayamba ndi nsima. Kwathu kuno kudya ndiwo zokha kumaoneka ngati nkhuli, ndipo kumene ndiwo n'zochepa n'kovuta ndithu, koma mpiru ndi kabichi ku Lizulu kapena ku Bembeke si zinthu zosowa. Phikani mphika wa masamba wokulirapo.

Koma mafuta ali ndi msampha wake. Sachotsa sitachi, amangomuchedwetsa. Mbale ya chipisi cha pachiwaya ndi nyama yokazinga ingakupatseni nambala yooneka bwino pakatha ola limodzi, kenako shuga n'kumakwerabe mpaka maola atatu, anayi, ngakhale asanu. Mandasi ndi zitumbuwa zimachitanso chimodzimodzi. Woyeza kamodzi kokha pa ola loyamba amapita akuuza anzake kuti chipisi sichimuvuta, pamene wangoyeza mlendo asanafike.

Muyeze liti

Nthawi imawerengedwa kuchokera pa mbamu yoyamba, osati pamene mwasamba m'manja mutatha kudya. Ngati mwayamba kudya 12:30 masana, maola awiri akwana 2:30, ngakhale munamaliza 1 koloko chifukwa cha macheza. Ndipo nambala ya mutadya ili yokha siinena zambiri. Yezani kawiri pa chakudya chimodzi: musanayambe kudya, ndiponso pakatha maola awiri. Kusiyana kwa nambala ziwirizi ndiye ntchito ya mbale imeneyo.

Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga, cholinga n'chakuti asanadye akhale pakati pa 4.4 ndi 7.2 mmol/L, ndipo pa ola limodzi kapena awiri chiyambire kudya asapitirire 10. Ngati pa maola awiri shuga wakwera ndi nambala yoposa 3 kuchokera pamene anali, mbaleyo ikufunika kuiunikanso. Amayi oyembekezera malire awo ndi otsika: osafika 7.8 pa ola limodzi, kapena 6.7 pa maola awiri. Okalamba ndi amene shuga amawatsikira pafupipafupi, adokotala awo angawapatse malire omasukirapo. Onani bwino zimene kamakina kanu kalemba pambali pa nambala. Kakalemba mg/dL, gawani nambalayo ndi 18: 180 mg/dL ndi chimodzimodzi 10 mmol/L.

Maola awiri ndi oyenera nsima ndi ndiwo. Pofuna kuona zimene tiyi wa shuga, thobwa kapena phala zimachita, yezani pa ola limodzi, chifukwa pa maola awiri chimake chingakhale chitadutsa. Pa chakudya chonona kwambiri, onjezerani kuyeza kwina pa maola anayi.

Timapepala toyezera n'todula, choncho musatimwaze. Tiyerekeze mayi amene amamwa metifomini ndipo ali ndi timapepala tisanu ndi kamodzi basi. Asankhe nkhomaliro, popeza ndicho chakudya chake chachikulu. Lolemba adye monga mwa masiku onse, mitanda iwiri ndi theka ya mgaiwa, kachewere wa supu ngati ndiwo, ndi timasamba pang'ono. Asanadye apeza 7.0, pa maola awiri apeza 13.4. Wakwera ndi 6.4, ndipo chifukwa chake chikuonekeratu: nsima ndi kachewere zonse ndi sitachi, ndiye kuti wadya nsima ndi nsima inzake. Lachitatu asiye mitanda momwemo koma ndiwo zikhale nyemba ndi mpiru wotendera. Apeza 7.2 kenako 11.3, kukwera kwa 4.1. Ndiwo zathandiza, koma nsima ikadali yambiri. Lachisanu adye mtanda umodzi ndi theka, ndiwo zikhale zomwezo za nyemba ndi mpiru. Apeza 6.9 kenako 9.3. Nambalazi n'zachitsanzo chabe, zanu zidzakhala zina, koma njira yake ndi imeneyi: kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mankhwala ndi nthawi yodyera zili zomwezo, n'kulemba m'kope tsiku, chakudya, kuchuluka kwake ndi nambala zonse ziwiri. Kope limeneli mupite nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lanu la zaumoyo.

Zimene zimasokoneza nambala

Zala zimene zagwira mango, mapichesi, nthochi kapena nzimbe zimapereka nambala yokwera mwabodza. Sambani ndi sopo, pukutani ziume, chifukwa chala chonyowa chimasungunula magazi n'kutsitsa nambala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa ku Dedza ndi ku Tsangano kumaumitsa zala moti magazi satuluka. Sambani ndi madzi ofunda, gwetsani dzanja pansi kwa kanthawi, bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, ndipo musafinye mwamphamvu. Kabotolo ka timapepala muzikatseka nthawi yomweyo, chifukwa chinyezi chimatiwononga, ndipo onani tsiku lotha ntchito. Ngakhale kamakina kabwino kamatha kuphonya ndi 15 pa 100 alionse, ndiye kusiyana kwa 9.3 ndi 9.8 si nkhani yoti isinthitse chakudya.

Ntchito imene mwagwira imasinthanso zotsatira. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 mutangodya kumatsitsa chimake, chifukwa minofu imatenga shuga m'magazi. Tsiku limene mwapita kudimba mutadya silingafanane ndi tsiku limene mwagona pamphasa. Malungo, chilonda chimene chatukusira ndi kusagona bwino zimakweza shuga ngakhale mbale ili yomweyo, motero masiku otere si oyesera zakudya.

Chenjezo kwa omwa gilibenikilamaidi ndi obaya insulini

Mankhwala awiriwa amatsitsa shuga kaya mwadya zambiri kaya zochepa. Mukachepetsa nsima mwadzidzidzi mlingo wa mankhwala uli womwewo, shuga angagwe pakatha maola atatu kapena anayi, makamaka ngati muli kumunda. Insulini yoyera ngati madzi, imene imabayidwa mphindi 30 musanadye, imagwira kwambiri pakati pa maola awiri ndi anayi, ndipo ikakumana ndi chakudya chonona chochedwa kugayika, shuga angayambe watsika kenako n'kukwera mochedwa. Kambiranani ndi adokotala musanachepetse chakudya. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa kapena chizungulire, kapena nambala ikatsika kuposa 3.9, sungunulani masipuni aang'ono anayi a shuga m'madzi, imwani, ndipo muyezenso pakatha mphindi 15. Apa musagwiritse ntchito mandasi kapena mtedza, chifukwa mafuta ake achedwetsa shuga amene mukumufuna mwamsanga. Nambala ikamakhala pamwamba pa 15 kwa masiku awiri otsatizana, kapena ikabwera limodzi ndi kusanza, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la sikelo.