Masewera a khobidi a Bernoulli: chifukwa chake avareji ilibe malire

Kwa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuphunzitsa masamu a mwayi, pali yankho limodzi lolakwika limene ndatopa kulimva, ndipo limachokera ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Ndikawafotokozera masewera a khobidi amene mphoto yake imawirikiza kawiri nthawi iliyonse, amandiyankha mosakayika kuti popeza mwayi wopeza mphoto zikuluzikulu ukucheperachepera, mphoto zoterozo tingathe kuzinyalanyaza powerengera. Kuganiza kotereku n'kolakwika, ndipo amene akukugwiritsitsa sangamvetse chimene chinazunguza akatswiri a masamu a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700.

Masewerawo amayenda motere. Mwini masewera amaponya khobidi mpaka ligwe mutu uli pamwamba, ndipo mutu ukangooneka masewera atha. Ukaoneka pa kuponya koyamba, wosewera amalandira K1,000. Pa kachiwiri, K2,000. Pa kachitatu, K4,000. Pa kachinayi, K8,000, ndipo zimapitirira choncho popanda polekezera. Funso ndi lakuti munthu ayenera kulipira zingati kuti aloledwe kusewera kamodzi. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Nicolas Bernoulli, anayamba kufunsa funso lamtunduwu mu 1713 m'kalata yopita kwa katswiri mnzake wa ku France, Pierre Rémond de Montmort, ndipo msuweni wake, Daniel Bernoulli, analifotokoza m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1738 ndi bungwe la sayansi la mumzinda wa St. Petersburg, n'chifukwa chake funsoli limadziwika ndi dzina loti vuto la St. Petersburg.

Mtengo woyenera wa masewera alionse a mwayi timaupeza pochulukitsa mphoto iliyonse ndi mwayi wake, kenaka n'kuwonkhetsa zonse. Chimene chimatuluka ndi phindu loyembekezeka, kapena kuti avareji ya zimene munthu angalandire. Mwayi woti mutu uoneke pa kuponya koyamba ndi 1/2, ndipo theka la K1,000 ndi K500. Kuti uoneke koyamba pa kuponya kwachiwiri, mwayi wake ndi 1/4, ndipo 1/4 ya K2,000 ndi K500. Pa kachitatu mwayi ndi 1/8, mphoto ndi K4,000, ndipo tikupezanso K500.

Apa ndi pamene ndimapempha ophunzira kuti aime kaye n'kuyang'anitsitsa. N'zoona kuti mwayi ukudulidwa pakati nthawi iliyonse, koma mphoto nayo ikuwirikiza kawiri nthawi yomweyo, choncho chimene mwayi wachotsa, mphoto yachibwezera ndendende. Kuponya kwa nambala 30 kuli ndi mwayi wochepa kwambiri, wosafika kamodzi pa maulendo biliyoni imodzi, komabe kumawonjezera K500 yomweyo imene kuponya koyamba kunawonjezera. Tikawonkhetsa tikupeza 500 + 500 + 500 + ..., ndipo palibe nambala imene mndandandawu umakhazikikapo: mutchule ndalama iliyonse, ine ndiwonjezera ma K500 okwanira kuipitirira. Mphoto ikanamakula pang'onopang'ono, monga K1,000, K2,000, K3,000, K4,000, mwayi ukanaigonjetsa ndipo avareji ikanaima pa K2,000 yokha. Kuwirikiza kawiriko ndiye gwero la nkhani yonse.

Koma amene wamvetsa zimenezi amagweranso m'dzenje lina loopsa kuposa loyamba, chifukwa amayamba kunena kuti ngati avareji ilibe malire, ndiye kuti mtengo uliwonse ndi wotchipa. Tayerekezani kuti mwalipira K16,000. Theka la osewera amabwerako ndi K1,000 yokha, ndipo asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu alionse amalandira K4,000 kapena yocheperapo. Kuti mupindule, khobidi liyenera kulephera kugwa mutu kasanu motsatizana, zimene zimachitika kamodzi pa maulendo 32. Katswiri wa ku France, Buffon, anayesa zimenezi pouza mwana kuti asewere masewerawa ka 2,048, mphoto yoyamba ikhale ndalama imodzi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1777. Masewera 1,061 anathera pa kuponya koyamba, mphoto yaikulu kwambiri inali 256, ndipo zonse pamodzi zinakwana 10,057, kutanthauza avareji yosafika 5 pa masewera amodzi. Akanapitiriza, avarejiyo ikanamakwerabe, koma mwapang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi theka la ndalama imodzi nthawi iliyonse imene chiwerengero cha masewera chawirikiza kawiri.

Kupanda malireko kuli m'mphoto zakutali zimene palibe munthu angathe kulipira. Tiyeni timupatse mwini masewera chuma cha K1,048,576,000, chimene ndi mphoto ya kuponya kwa nambala 21. Magawo 21 a K500 amakwana K10,500. Khobidi likapitirira pamenepo osagwa mutu, mwini masewera angopereka zimene ali nazo, ndipo zimenezi zimawonjezera K500 ina basi. Masewera amene papepala analibe malire tsopano mtengo wake ndi K11,000, ndipo ngakhale chuma cha mwiniyo chiwirikize kawiri, mtengowo ungokwera ndi K500. Daniel Bernoulli anayankha mwanjira ina, ponena kuti ndalama yowonjezera imakhala yofunika kwambiri kwa wosauka kusiyana ndi wolemera, choncho mphoto ikawirikiza kawiri, ubwino wake kwa munthu suwirikiza kawiri. Mfundoyo ndi yolemera, koma kwa ine funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti wolonjezayo ali ndi zingati m'thumba.

Chimene chimandivutitsa mtima mpaka lero ndi nkhani ya mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, wanzeru ndithu, amene anatenga kuwirikiza komweku n'kupita nako kojuga. Munthu wina anamugulitsa "njira yosalephera": ubetche K1,000, ukaluza ubetche K2,000, ukaluzanso K4,000, ndipo tsiku lopambana udzabweza zonse n'kutsala ndi K1,000 yapamwamba. Kwa masabata angapo njirayo inkaoneka ngati ikugwira ntchito, mpaka usiku wina pamene analuza motsatizana ndalama n'kumuthera, kuphatikizapo za fizi. Atabwera kwa ine, ndinazindikira kuti ndinamuphunzitsa kuwonkhetsa mndandanda koma sindinatsindike mokwanira za malire a thumba.

Masamu ake ndi omwewa, kungoti tsopano wobetchayo ndiye wakhala pampando wa mwini masewera, amene ayenera kukhala ndi chuma chosatha. Kuluza kakhumi motsatizana kuyambira pa K1,000 kumadya K1,023,000, ndipo kubetcha kotsatira kumafuna K1,024,000 pofuna kupindula K1,000 yokha. Ngakhale pa khobidi lachilungamo, zimenezi zimachitika kamodzi pa maulendo 1,024, ndipo ulendo umodziwo umafafaniza ndendende phindu la maulendo 1,023 enawo. Kumalo ojuga mwayi sukhala wofanana mbali zonse, chifukwa mwini malo amadzisungira gawo lake, ndiponso kawirikawiri amaika malire a ndalama imene munthu angabetche, choncho avareji imatsika pansi pa ziro.

Ndikuchenjeza mwamphamvu za anthu ogulitsa njira zoterezi, amene amaonetsa zithunzi za masiku opambana okhaokha. Njira yowirikiza imapambanadi masiku ambiri, ndipo n'chifukwa chake imanyenga, koma kupambana masiku makumi asanu sikusonyeza kuti ngozi yachoka. Khobidi silikumbukira zimene linachita, ndipo likalephera kugwa mutu kasanu ndi kawiri, mwayi wa kuponya kotsatira ndi 1/2 basi. Ngati mwayamba kale njirayi ndipo mwafika pokongola ndalama kuti mukwanitse kubetcha kotsatira, lekani lero lomwe, chifukwa kubetcha kumene mukukonzekerako n'kokulirapo kuposa zonse zimene mwaluza kale kuziphatikiza pamodzi.