Kalata kwa mng'ono wanga wa Folomu 4: komprihenshoni usamaithamangire

Mng'ono wanga,

Amayi andiuza pa foni kuti mayeso a moko pepala la Chingerezi lija la nkhani ndi mafunso unatuluka osamaliza, akuti utangoona nkhani yadzadza tsamba lonse mutu unaima. Nde ndati ndikulembere bwinobwino, chifukwa kuno kukoleji ya zauphunzitsi zimenezi ndi zomwe tikuphunzira, komanso pano ndili pa tichingi pulakitisi ndikuchonga mapepala a ana a msinkhu wako, ndipo pomwe amatayira malikisi ndi pamodzimodzi pafupifupi onse.

Choyamba udziwe ichi, pa mayeso onse a MSCE gawo la kumvetsa nkhani ndi lomwe a Maneb amakupatsa mayankho m'manja. Bayoloje ukaiwala ntchito ya impso waiwala basi, palibe pokaiona. Koma komprihenshoni, kaya ya Chingerezi kaya ya Chichewa, zonse zofunika zili papepala lomwe lili patsogolo pakolo, ntchito yako ndi kupeza mzere wake n'kuunena bwino. Ndikudziwa chomwe chimakuopsa, Chingerezi ukalakwa satifiketi sutenga ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji, nde munthu umalowa m'holo mtima uli kale m'mwamba. Vuto la mantha ndi loti amadya malo omwewo m'mutu amene umasungiramo chiganizo chomwe wangowerenga kumene, n'chifukwa chake umafika pansi pa ndime maso adutsa mawu onse koma osakumbuka olo kanthu kamodzi, n'kubwereranso pamwamba, kachitatu, kachinayi, nthawi ikupita. Ukaona kuti wabwereza mzere umodzi katatu, chimenecho ndiye chizindikiro chake. Ika cholembera pansi, koka mpweya ndi mphuno, uutulutse pang'onopang'ono nthawi yotalikirapo kuposa mmene unakokera, kangapo konse. Kutulutsa mpweya mochedwa kumatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo theka la mphindi lomwe wataya pamenepo ndi laling'ono poyerekeza ndi kuwerenga ndime yomweyo kasanu osamva.

Kawerengedwe kake ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse uli ndi ntchito yake. Ulendo woyamba werenga nkhani yonse osaima, olo ukumane ndi mawu oti sunawaonepo dumpha, ukungofuna kudziwa kuti akukamba za ndani, chachitika n'chiyani, zathera pati. Kenako werenga mafunso onse. Ukabwerera ku nkhani kachiwiri ndi pomwe umapita ndi pensulo, ukapeza pomwe pali yankho la funso 3 lemba ka 3 m'mbali mwa mzerewo. Nthawi zambiri mafunso amatsatira mmene nkhani yayendera, oyamba mayankho ake ali m'ndime zoyamba, nde ngati wapeza la 3 ndi la 5, la 4 lisake pakati pawo osati kuyambiranso tsamba lonse.

Tiye tiyese ndi kankhani aka ndakalemba ndekha, ka kwathu komweko, m'Chichewa kuti uone njira yake osavutika ndi chilankhulo.

"Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malawi umadutsa pa boma la Mangochi n'kukalowa m'nyanja ya Malombe. Kale asodzi a ku Malombe ankadalira chambo, koma nsombayi itayamba kusowa ambiri anatembenukira ku kambuzi. Makoka a maso aang'ono ophera kambuzi sasankha, amakokolola ndi kasawala yemwe, ana a chambo amene sanafike poswana. Mkulu wina amene wakalambira pa nyanjayi akaona anyamata akuyanika kasawala pa thandala amangopukusa mutu osanena kanthu. Ukonde wake anaupachika kalekale."

Funso loyamba, la malikisi amodzi: n'chifukwa chiyani asodzi anayamba kupha kambuzi? Apa ndi pomwe mwana wa ku Mangochi amagwera, ndipo amagwa chifukwa chodziwa zambiri. Iwe wakulira pa doko, ukudziwa kuti kambuzi amayenda malonda msanga, amauma msanga, anthu osauka amakwanitsa kugula, nde dzanja limafuna kulemba zimenezo. Zonsezo ndi zoona koma wochonga akupatsa ziro, chifukwa nkhaniyo sinanene. Nkhani yanena chimodzi chokha, chambo chinayamba kusowa. Basi yankho ndi lomwelo, chiganizo chimodzi, pita kwina. Lamulo lomwe ndimawauza ana anga m'kalasi ndi loti usanalembe yankho loza ndi chala mzere womwe walitenga, ngati chala chikusowa pogwira ndiye kuti yankholo lachokera m'mutu mwako. Ndipo nkhani ikakhala ya zinthu zomwe ukuzidziwa bwino, za nyanja, za msika, za mpira, m'pamene uyenera kuchenjera kwambiri chifukwa umawerenga mothamanga poganiza kuti ukudziwa kale komwe ikupita.

Funso lachiwiri, la malikisi awiri: fotokoza m'mawu akoako mmene makoka a maso aang'ono akuonongera chambo. Apa pali zinthu ziwiri zoti uone usanalembe. Malikisi omwe alembedwa kumapeto kwa funso amakuuza kukula kwa yankho, akakhala awiri kawirikawiri akufuna mfundo ziwiri kapena mfundo imodzi ndi chifukwa chake. Ukangolemba kuti amagwira kasawala waima pakati pa njira. Yankho lathunthu ndi loti makokawo amagwira ana a chambo asanakule, choncho sipatsala nsomba zodzabereka zina. Chinacho ndi mawu akuti m'mawu akoako. Ana ambiri akachita mantha amakopera chiganizo chonse kuyambira pa "Makoka a maso aang'ono" mpaka pa "poswana" poganiza kuti yankho lili mmenemo penapake wochonga alipeza yekha, koma kukopera kumangoonetsa kuti wapeza malo, sikuonetsa kuti wamva. Njira yake, werenga chiganizocho, chiphimbe ndi dzanja, udzifunse kuti ukanamuuza bwanji mnzako, lemba zimenezo. Mayina a zinthu ngati chambo kapena makoka sufunika kuwasintha ayi, usataye nthawi kusaka dzina lina la chambo, chomwe umasintha ndi mawu ochita ndi ofotokoza aja.

Lachitatu amakonda kufunsa tanthauzo la mawu monga agwiritsidwira ntchito m'nkhanimo, tinene "amakokolola". Pa pepala la Chingerezi apa ndi pomwe ambiri thukuta limayambira chifukwa mawuwo sanawaonepo ndipo dikishonale palibe. Koma taona, ngakhale ukanakhala kuti sunamvepo kukokolola, kumbuyo kwake kuli "sasankha", kutsogolo kuli "ndi kasawala yemwe", nde mawu oyandikana nawowo akuuza kale kuti ndi kutenga zonse osasiyako. Yankho lako liike pamalo pa mawu afunsidwawo uwerenge chiganizo chonse, "makoka sasankha, amatenga zonse ndi kasawala yemwe", chikamveka ndiye kuti wakhoza. Ndipo lisunge mtundu wake, akafunsa mneni yankha ndi mneni wa nthawi yomweyo, osati afunsa "amakokolola" iwe n'kulemba "umbombo". M'Chingerezi zimenezi amazitsata kwambiri, mawu akakhala a nthawi yakale lako likhalenso la nthawi yakale. Mtundu wina wofanana nawo ndi woti mawu akuti "nsombayi" akuimira chiyani, pamenepo yang'ana kumbuyo osati kutsogolo, dzina lomwe latchulidwa kale ndi chambo, kambuzi akubwera pambuyo pake.

Lachinayi ndi lomwe limaoneka ngati likutsutsana ndi zomwe ndanena zija. Mkulu uja akumva bwanji akaona anyamata akuyanika kasawala? Pereka umboni. Ukasaka m'nkhanimo mawu oti wakhumudwa suwapeza, nde ena amasiya osalemba poganiza kuti funso ndi lolakwika, ena amapeka kuti wakwiya chifukwa anyamatawo anamubera ukonde. Chala chija chikugwirabe ntchito apa, kungoti chikuloza zochita za munthuyo osati yankho lenilenilo. Akupukusa mutu, sakuyankhula, ukonde anapachika kalekale. Munthu wotere ndi wokhumudwa ndipo wataya mtima kuti zinthu zingasinthe. Ulemba mmene akumvera, malikisi amodzi, n'kuwonjezera kuti chifukwa amangopukusa mutu osanena kanthu, enawo. Ukalemba kuti wakwiya kwambiri wapitirira pomwe umboni wafika, wokwiya akanawakalipira.

Za nthawi, usadikire kuti invijileta anene kuti kwatsala mphindi khumi. Tsamba loyamba la pepala limalemba nthawi yonse ndi malikisi, gawa pomwepo. Mwachitsanzo tingoyerekeza gawo lina walipatsa mphindi 60 ndipo lili ndi malikisi 30, chotsapo 10 zowerengera kawiri kuja ndi 5 zodzaonanso pomaliza, zatsala 45, ndiye kuti malikisi amodzi ndi mphindi imodzi ndi theka. Funso la malikisi awiri likakudyera mphindi zoposa zitatu siya mpata, ika kachizindikiro m'mbali, pita lotsatira. Zimandiwawa kwambiri ndikamachonga pepala la mwana woti mayankho ake oyamba ndi abwino zedi koma mafunso omaliza ndi chifupikitso sanakhudze n'komwe chifukwa anakakamira pa funso limodzi la malikisi amodzi, pomwe chifupikitso chokhacho chimanyamula malikisi ochuluka kuposa kafunso kalikonse ka mmwambamo. Ndipo nthawi zambiri funso lomwe unalidumpha umakapeza poyambira pake uku ukuyankha ena, chifukwa nkhani ija wakhala ukuibwerera.

Mphindi zomaliza zija usawerengenso nkhani, werenga mayankho ako. Ona ngati nambala ya yankho ikugwirizana ndi ya funso, makamaka ngati unadumpha lina, komanso ngati funso linati tchula ziwiri iwe walembadi ziwiri osati zinayi poganiza kuti wochonga asankhapo zabwino. Ona masipelo a mawu omwe ali kale m'nkhanimo, kulakwitsa mawu oti alembedwa papepala lomwelo ndi kutaya malikisi mwaulere.

Zonsezi sungaziyambe tsiku la mayeso, thupi liyenera kuzolowera wotchi. Kapemphe mapepala akale a Maneb kwa aphunzitsi ako a Chingerezi ndi a Chichewa, Loweruka m'mawa kusanatenthe ukhale pansi ndi wotchi ya pa foni ya amayi, pepala limodzi, osaimitsa nthawi olo wina akuitane. Ukamaliza usangoona kuti wakhoza zingati, pa yankho lililonse lolakwa lemba pambali chomwe chinachitika, kaya unayankha za m'mutu, kaya unakopera, kaya unapereka mfundo imodzi pa malikisi awiri, kaya nthawi inatha. Ukachita mapepala angapo uona kuti cholakwa chako chimakhala chimodzimodzi chomwecho, ndipo chimenecho ndiye tilimbane nacho. Loyambalo ulijambule unditumizire pa watsapu pamodzi ndi nthawi yomwe unamalizira, ndichonga ndi cholembera chofiira ngati mmene ndimachitira ndi a m'kalasi mwanga. Upereke moni kwa amayi ndi agogo.

Ndine mkulu wako.