Alamu ya madzulo ndi malire a ndalama za mwezi

Pali mapulogalamu a pafoni amene amakukumbutsani tsiku lililonse kuti mulembe ndalama zimene mwagwiritsa ntchito, kenako n'kukuonetsani ngati mwayandikira malire amene munadziikira pa mwezi. Kafoni kamabatani kamathanso ntchito imeneyi: alamu yolira 7 koloko madzulo, kope ndi cholembera, basi. Kwa anthu amene ndimawaphunzitsa kasungidwe ka ndalama, kulemba sikuvuta kwenikweni. Masamu amasokonekera poyerekeza zimene alembazo ndi malire aja.

Tiyerekeze bambo wina wogwira ntchito ku Nchalo amene wadziikira malire a K180,000 pa mwezi. Akagawa ndalamayi ndi masiku 30 apeza K6,000 pa tsiku, ndipo nambala imeneyi ndi yonyenga. Tsiku lolandira malipiro alipira lendi ndi kugula chimanga, foni n'kumuuza kuti wapyola malire kwambiri pamene palibe chimene walakwa. Masiku otsatirawo azingodya K5,000 n'kumadziona ngati wosamala, chonsecho akumira.

Choyamba achotse zonse zimene akudziwiratu kuti azilipira kamodzi. Tinene kuti lendi ndi K30,000, chimanga K50,000, masheya a ku banki m'khonde K10,000. Zatsala K90,000, ndipo imeneyi yokha ndiyo yoyenera kugawa: K3,000 pa tsiku ya ndiwo, makala, chigayo, sopo, kabaza ndi mayunitsi. Mweziwo auwerenge kuyambira tsiku limene ndalama yalowa, osati pa 1, pokhapokha ngati amalandira pa 1 pomwepo.

Alamu ikalira, alembe zimene zatuluka lero, aziphatikize ndi za masiku apitawo, ndiye afunse mafunso awiri. Pofika lero ndimayenera kukhala nditadya zingati? Zimene zatsala zikundipatsa zingati pa tsiku? Pa tsiku la 12 bambo uja amayenera kukhala atadya K36,000. Kope likuonetsa K48,000, kutanthauza kuti wapyola ndi K12,000. Watsala ndi K42,000 ya masiku 18, ndiye kuti kuyambira mawa ali ndi K2,300 ndi pang'ono pa tsiku. Funso lachiwirili ndi limene ine ndimalikonda, chifukwa limapereka nambala yopita nayo kumsika. Kutsika kuchoka pa K3,000 kufika pa K2,300 n'kotheka: kuyenda wapansi m'mawa dzuwa lisanakwiye m'malo mokwera kabaza, kugula usipa m'malo mwa nyama ya mbuzi. Koma akapitiriza kudya K4,000 pa tsiku monga wakhala akuchitira mpaka tsiku la 20 osayang'ana, adzakhala atamaliza K80,000, kutsala ndi K1,000 yokha pa tsiku, ndipo nthawi imeneyo wakatapila amayamba kuoneka ngati m'bale.

Tsopano zimene zimaononga kope. Chofala kwambiri ndi kulemba ndalama imodzi kawiri. Mukatapa K10,000 kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, simunagule kanthu, mwangoisuntha kuchoka m'foni kupita m'thumba. Cholemba tsiku limenelo ndi kandalama kamene akudulani potapa, ndipo uthenga umene umabwera pafoni umakuthandizani kukapeza. K10,000 ija mudzailemba pang'onopang'ono pamene mukugulira zinthu. Mukailemba potapa n'kuilembanso pogula, kope lidzakuuzani kuti mwadya K20,000.

Ngongole ya ku okala imachita zosiyana, imabisa ndalama. Shuga amene mwatenga lero kuti mudzalipire pakutha pa mwezi mumulembe lero lomwe, apo ayi kope lizioneka loyera pamene malipiro a mwezi wamawa alumidwa kale.

Mungadziwe bwanji kuti kope likunama? Werengani ndalama za m'thumba. Ngati munadzuka ndi K5,000 ndipo madzulo mwatsala ndi K1,200, zatuluka ndi K3,800. Ngati zimene mwakumbukira zikungokwana K2,900, pali K900 imene yasowa, mwina madzi ozizira pa Ngabu dzuwa lili paliwombo, mwina ya mwana popita kusukulu. Musalimbane nayo usiku wonse. Ilembeni kuti "zosadziwika" ndipo muiphatikize. Pakhomo pamene bambo ndi mayi onse amagula zinthu, kope likhale limodzi ndipo alamu ilire nthawi imene onse ali pakhomo.

Maliro, matenda kapena madzi osefukira zisalowe mu K3,000 ya tsiku. Zilembedwe pa tsamba lakelake, ndalamayo ichotsedwe pa zimene zatsala, ndipo mugawenso ndi masiku otsalawo. Mlimi wa thonje kapena chitowe amene amalandira ndalama kamodzi akagulitsa ayambe wagawa ndalamayo ndi miyezi imene akufuna kuti imufikitse. Gawo la mwezi umodzi ndiwo malire ake, ndipo za miyezi inayo zikhale kwina kumene sangazitape mosavuta, monga ku banki kapena pa nambala imene sayenda nayo kumsika.