Kodi zinyalala za mu Zomba zingatipatse magetsi?

Tamva kuti kunja amawotcha zinyalala n'kupanga magetsi. Bwanji khonsolo ya mzinda wathu osachita zomwezo, poti magetsi akuvuta?

Njirayo ilipodi. Zinyalala amazithira m'ng'anjo yaikulu, motowo umawiritsa madzi, nthunzi yake n'kumazunguza makina opanga magetsi. Vuto lili pa zinyalala zathuzi. Pitani kumsika wa Zomba nthawi ya mvula mukaone zomwe zatayidwa: makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato wovunda, mango, dothi losesa pabwalo ndi phulusa la pambaula. Zambiri ndi madzi okhaokha, ndipo dothi ndi phulusa siziyaka n'komwe.

Malangizo a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse amati kilogalamu imodzi ya zinyalala izitulutsa mphamvu ya mamegajulo 7, ndipo isatsike pansi pa 6 nyengo ina iliyonse. Zinyalala zonyowa kawirikawiri sizifikapo. Zikatero moto umafooka, ndipo eni ng'anjo amayamba kuthira dizilo kuti usazime. Apo ndiye kuti mukugula mafuta ndi ndalama zakunja kuti muumitse makoko a nthochi.

Nanga kuchuluka kwake, si zokwanira? Milu ili ponseponse.

Mulu wa pamsewu umanyenga maso. Malangizo omwewo amati ng'anjo yotereyi imafuna matani osachepera 50,000 pachaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mumzinda wa Zomba. Tingoyerekeza kuti aliyense amataya theka la kilogalamu patsiku: ndi matani 52 patsiku, pafupifupi 19,000 pachaka. Sitinafike ngakhale pa theka, komanso apa tawerengera ngati galimoto ya khonsolo ikutola chilichonse ku Chinamwali, ku Sadzi ndi ku Matawale, zomwe aliyense wokhala kuno akudziwa kuti sizili choncho. Ng'anjo imafuna kudyetsedwa usana ndi usiku. Kuizimitsa ndi kuiyatsanso pafupipafupi kumawononga makina, ndipo ndi nthawi yomwe utsi woipa umatuluka kwambiri.

Ng'anjo ya ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia, yotchedwa Reppie, yomwe inatsegulidwa mu 2018, anaimanga kuti izilandira matani 1,400 patsiku. Zomba ingatenge pafupifupi mwezi kuti isonkhanitse chakudya chake cha tsiku limodzi.

Utsi wake sungatidwalitse?

Ungatero ngati anthu achita ulesi. Lamulo la mayiko a ku Ulaya limati mpweya wa m'ng'anjo ukhale pa madigiri 850 kwa masekondi awiri, kuti poizoni wotchedwa dayokisini aphwanyike. Poizoniyu amabadwa zinthu zokhala ndi kolorini, monga mapulasitiki ena, zikapsa mosakwanira, ndipo amatha kupangikanso utsi ukamazizira pang'onopang'ono pakati pa madigiri 400 ndi 200. N'chifukwa chake amauziziritsa mwachangu. Kenako amaupopera laimu kuti aphe asidi, ndi ufa wa makala okonzedwa mwapadera kuti ugwire mekyule ndi dayokisini wotsala, ndipo pomaliza umadutsa m'masefa a nsalu ogwira fumbi.

Zonsezi n'zogula mwezi ndi mwezi. Laimu akatha kapena sefa ikabooka, magetsi amapitirizabe kutuluka bwinobwino, ndiye woyendetsa amene ndalama zamuthera sakhala ndi chomukakamiza kuimitsa. Osadalira maso: dayokisini saoneka. Chofunsa ndi zolembedwa za makina oyeza kutentha ndi utsi, ndipo a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, azitha kuziona nthawi iliyonse.

Phulusa lake tingathire kumunda?

Ayi, ngakhale pang'ono. Phulusa lili mitundu iwiri. La pansi pa ng'anjo ndi lochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kulemera kwa zinyalala. Amachotsamo zitsulo ndi maginito, kulisiya miyezi ingapo kuti likhwime, ndipo akaliyeza ena amayala pansi pa msewu. Lachiwiri ndi lija logwidwa m'masefa. N'lochepa, koma ndi momwe mwaunjikana mtovu, mekyule ndi dayokisini. Limafuna kusakanizidwa ndi simenti n'kukwiriridwa m'dzenje lotchingidwa pansi kuti madzi asadutse. Likangotayidwa pamtaya wamba, mvula ya kuno idzalikokolera mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, komwe timagula matemba.

Ndiye ng'anjoyi idzatiyenera liti?

Pamene malo otayira asowadi, zinyalala zikutoledwa tsiku ndi tsiku n'kupimidwa pasikelo, ndipo zayezedwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Pakhalenso wolipira pa tani iliyonse yolowa pachipata, chifukwa ndalama yogulitsa magetsi ku ESCOM payokha siibweza mtengo wa makina otere. Munthu akabwera ndi pepala lonena kuti magetsi okha alipira zonse, mufunseni kuti zinyalala za Zomba anaziyeza mwezi uti. Pakadali pano, zovunda za kumsika zipatulidwe zikapange manyowa. Zotsalazo zikhala zouma, ndipo ndi zomwe tingadzayeze mzindawu ukakula.