Botolo lanu likuyandama chifukwa mwangolitembenuza

Ndatopa nazo zithunzi za malonda zomwe botolo la mafuta odzola limaoneka ngati lachita kumatidwa pa tebulo lonyezimira. Ukafunsa mwiniwake, akuti, "Koma mthunzi ndinaika." Inde munaika: munadina Drop Shadow mu Photoshop, n'kukopera botolo, n'kupanga Flip Vertical kuti likhale chithunzithunzi chake pa tebulo, basi. Vuto lagona pomwepo.

Taonani pansi pa botololo. Kamera ikakhala pamwamba pang'ono, m'mphepete mwa tsinde lake mumapindikira pansi, pakati n'kutsika kuposa m'mbali. Mukalitembenuza, kupindikako kumaloza m'mwamba. Ndiye botolo ndi chithunzithunzi chake zimangokhudzana pakati pokha, kumanzere ndi kumanja kukutsala mipata. Ngakhale munthu wosadziwa za zithunzi amaona kuti pali cholakwika, kungoti satha kuchitchula.

Mukatembenuza, ikani leya ya chithunzithunzicho pansi pa leya ya botolo, mutsegule Edit > Transform > Warp, mukankhire m'mbali zonse ziwiri m'mwamba mpaka zilowe kuseri kwa tsinde. Mizere ya palebulo nayonso ipindikire pansi, mofanana ndi ya pabotolo lenileni. Ngati pamwamba pa chitsekerero pakuoneka m'chithunzithunzimo, fufutanipo. Tebulo limaona botolo kuchokera pansi, ndiye pamwambapo lingapaone bwanji? Likakhala bokosi loonekera mbali ziwiri, dulani mbali iliyonse payokha, muitembenuze ndi kuipendeketsa ndi Skew.

Za Opacity anthu amafuna nambala imodzi, koma palibe. Ine pa tebulo loyera ndimayambira cha pa 15%, pa lakuda cha pa 40%, chifukwa pakuda chithunzithunzi chimaonekera kwambiri. Kamera ikatsika kufupi ndi tebulo, onjezerani. Kenako ikani Layer Mask ndi Gradient kuti chizizimirira chikamatalikira tsinde. Ngati tebulo ndi la matabwa opaka vanishi, kumunsiko kusaoneke bwinobwino ngati pafupi ndi tsinde. Ngati ndi galasi, Gaussian Blur musamuchulutse.

Tsono chimene chimakhazika botolo pansi ndi kamthunzi kopyapyala, kakuda, pamene tsinde lakhudza tebulo. Kajambuleni ndi burashi yofewa pa leya yakeyake, pa Multiply, ndipo mtundu muutenge pa tebulo lomwelo n'kuudetsa, osati wakuda bii. Mthunzi wautali ndi wina, ndipo pamalo onyezimira umakhala wofooka. Uzilowera mbali yosiyana ndi kumene kuwala kukuchokera. Yang'anani mbali imene botolo likuwala.

Chimandiwawabe n'chakuti ambiri amabwera zikwangwani atasindikitsa kale, atalipira munthu wowalonjeza kuti zonsezi n'zongodina kamodzi. Ena amabweretsa JPEG yokha, leya zonse zitaphatikizidwa, Drop Shadow atamatirira pa tebulo, moti kukonza kumayamba ndi kudulanso botolo. Musanalipire aliyense, itanitsani fayilo ya PSD, muikuze pa 100%, muone m'mbali mwa tsinde ngati muli mipata.