Musanalembe referensi, funsani kaye kuti ntchitoyo ndi yotani

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso lomwelomweli ndipo layamba kunditopetsa: "Munthu amene ndinkamuyang'anira wandipempha referensi, koma ntchito yake inali yakuti-yakuti, ndingomulembera zabwino kuti apeze pogwira eti?" Ayi. Ndipo chimene chimandidabwitsa nchakuti ndikafunsa kuti kodi akufunsira ntchito yanji, atatu onsewo samadziwa. Mukufuna kuika siginecha yanu pansi pa mawu akuti munthuyu angakwanitse, koma angakwanitse chani? Simukudziwa.

Ine ndakhala zaka zambiri mu ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, makalata amenewa ndalemba, ndalandiranso ochuluka, ndipo ndikuuzeni kuti kalata yodzaza ndi "ndi wolimbikira, wokhulupirika, waulemu, wodzipereka" timangoiwerenga ndi diso limodzi n'kuiponya mu fayilo. Aliyense amalembedwa choncho, olo amene anachotsedwa ntchito. Chimene timafufuza ndi zinthu zimene wolembayo anaona ndi maso ake, komanso, mvetsetsani apa, chimene wachidumpha dala. Ngati ntchito ili yogwira ndalama ndipo kalata yonse ikungotamanda kuti munthuyo amaseka bwino ndi anzake, osatchulako za ndalama, ife timamva kale.

Koma si poti ndine woyera pa nkhaniyi. Pali nkhani imodzi imene mpaka lero imandisowetsa mtendere.

Ndinali ndi mnyamata wina amene ankagwira ntchito yosunga katundu, kuyambira 2015 mpaka 2018. Munthu wabwino kwabasi, ofika m'mawa kuposa tonse, makasitomala akabwera atakwiya ankatuluka akuseka chifukwa cha iye, madalaivala onse ankamukonda. Vuto lake linali buku. Katundu akatuluka ankati ndilemba kenako, kenako n'kuiwala, ndiye tikamawerengera sitoko pakutha pa miyezi itatu iliyonse manambala osagwirizana. M'chaka chake chomaliza zinachitika katatu pa maulendo anayi. Tinafufuza, sanabe kanthu, katundu yense ankapezeka kuti anapita kumene amayenera kupita, kungoti sanalembedwe. Analandira kalata yachenjezo imodzi, kenako anasiya yekha ntchito mwamtendere.

Patapita miyezi ingapo anandiimbira. "Bwana, ndithandizeni kakalata, zinthu zandivuta, ana ali pakhomo." Chisoni chinandigwira, sindinafunse kuti ntchito yake ndi yotani, ndinangokhala pansi n'kulemba, ndipo pakati pa kalatayo ndinaikamo chiganizo chakuti amasunga bwino marekodi a katundu. Ndinadziwa ndikulemba kuti limeneli ndi bodza, koma ndinati aaa, kakang'ono, kamuthandize.

Anamulemba ntchito yoyang'anira nyumba yonse yosungiramo katundu pa kampani ina, iye yekha, popanda womuwerengera pambuyo monga tinkachitira ife. Asanamalize ndi komwe miyezi yake yoyeserera, manambala anasiyana, ndipo kumeneko sankamudziwa ngati mmene tinkamudziwira ife, anangoti waba. Anamuchotsa ndi dzina lakuba. Bwana wake watsopanoyo anandiimbira n'kundiwerengera chiganizo changa chija pa foni, mawu ndi mawu, kenako anafunsa kuti, "Kodi mumanena munthu yemweyu?" Ndinayesa kufotokoza kuti si wakuba, ndi woiwala chabe, koma ndani akanandikhulupiriranso, poti ndinali nditanama kale kamodzi? Umboni wanga umene ukanamupulumutsa pa nthawi yovutayo ndinali nditautaya pa chiganizo chimodzi. Anzanga amati ndinamuchitira chifundo, ine ndimaona kuti ndinamukankhira kudzenje lomwe ndinkalidziwa bwinobwino.

Lero akanati andiimbirenso, choyamba ndikanamuuza kuti anditumizire chilengezo cha ntchitoyo, ndione zimene akufuna. Ndikaona kuti ndi yosunga mabuku a katundu, ndikanamuuza pa foni pomwepo, osati kumuzemba: "Achimwene, pa ntchito iyi sindingalembe kuti mabuku mumawatha, mukudziwa nokha mmene zinalili. Akandifunsa ndinena zoona. Koma mukapeza ya malonda kapena yolandira makasitomala, bwerani, ndikulemberani kalata yamphamvu ndipo ndidzayankha foni yawo mokondwa." Zimawawa kunena, inde, munthu akhoza kukukwiyirani, koma mwamupatsa mpata wosankha, kaya apite kwa munthu wina amene anamuona mbali ina, kaya asinthe kumene akufunsira. Kukoma mtima kwanu kuli pamenepo, pa foni imeneyo, osati mu kalata.

Ndipo akanati ayi bwana lembanibe, ndikanalemba chonchi, pafupifupi:

"Ndinamuyang'anira mwachindunji kwa zaka zitatu, kuyambira 2015 mpaka 2018, pamene ankagwira ntchito yolandira ndi kutulutsa katundu. Pa nthawi yonseyi sindikumbukira tsiku limene anachedwa popanda kudziwitsa. Madandaulo ovuta a makasitomala tinkawapereka kwa iye chifukwa ankawathetsa modekha. Pa kalembedwe ka mabuku a katundu ankafunika womuthandiza kutsimikizira, ndipo pomwe panali kusiyana kwa manambala, kufufuza kwathu kunapeza kuti kunali kuchedwa kulemba, osati kusowa kwa katundu. Ndingamulembenso ntchito mosakayika pa udindo wokumana ndi makasitomala."

Taonani bwino. Chofooka chatchulidwa kamodzi, m'chiganizo chimodzi, ndipo chatsekeredwa malire ake, kuti ndi kuchedwa kulemba, si kuba. Chiganizo chimenecho chikumuteteza kuposa bodza langa lija, chifukwa tsiku limene manambala adzasiyane bwana watsopano adziwa kale kuti ayang'ane kuti. Komanso mawu omalizawo, akuti ndingamulembenso pa udindo wakuti, ndi amene ife owerenga timawafuna kuposa ena onse. Mafomu ambiri a referensi amafunsa funso lomwelo, kuti kodi mungamulembenso ntchito, ndiye ganizirani yankho lanu musanayambe kulemba, osati foni ikalira.

Tsono pali gulu lina, amene amati ine ndimanena chilungamo basi, n'kukhuthula zonse. Awanso amandipsetsa mtima chimodzimodzi. Chilungamo si kutaya fayilo yonse ya munthu pamsewu. Matenda ake, mimba, za m'banja mwake, ngongole zake, kupemphera kwake, zoti anali mu bungwe la ogwira ntchito kapena anakasumapo dandaulo pa inu, zimenezo sizilowa mu referensi, ndipo m'mayiko ambiri kuulula zina mwa izi kungakugwetseni m'mavuto ndi malamulo. Mphekesera ndiye musayerekeze. "Ankaganiziridwa kuti amaba" si umboni. Ngati panalibe kufufuza kumene kunatha ndi chigamulo, munthuyo atapatsidwa mpata wodziyankhira, inu mulibe chonena pamenepo, ndipo mukalemba zimene simungathe kuzitsimikiza n'kumutayitsa ntchito, akhoza kukutengerani ku khoti pa mlandu woipitsa mbiri. Muyeso wanga ndi uwu: kodi ndinaziona ndekha kapena zili pa pepala mu fayilo, kodi zikukhudza ntchito imene akufunsirayo, ndipo kodi mwini wakeyo ndinamuuzapo ali pantchito? Chachitatuchi anthu amachiiwala. Ngati zaka zitatu munangokhala chete osamudzudzula, si chilungamo kuti akamve koyamba kudzera kwa mlendo.

Cholakwa chakale chimene munthu anachikonza, muchisiye kapena muchinene pamodzi ndi kukonzako. Wina ankachedwa m'miyezi yake yoyamba, munamuchenjeza, zaka ziwiri zotsatira osachedwanso, ndiye mukalembe kuti ndi wochedwa? Limenelonso ndi bodza, kungoti lavala jekete la chilungamo.

Chinanso, musanagwiritse ntchito letahedi ndi chidindo cha kampani, funsani kaye ngati mukuloledwa. Makampani ena amangolola kutsimikizira masiku amene munthu anayamba ndi kusiya komanso udindo wake, basi, ndipo zimenezo zimatuluka ku ofesi ya ogwira ntchito, osati kwa inu. Kalata yotereyi si referensi, ndi umboni chabe wakuti anagwirapo. Ngati mukulemba panokha, nenani mu kalatamo kuti awa ndi maganizo anu ngati munthu amene munamuyang'anira.

Za "bwana ndalemba kale, mungosaina" ndiye ndimakana. Munthu atha kukukumbutsani masiku ndi ntchito zimene anagwira, zimenezo ndi zabwino ndipo muzimupempha, koma mawu akhale anu, chifukwa akadzaimba foni n'kufunsa za polojekiti imene yatchulidwa mu kalata imene simunaiwerenge n'komwe, mudzachita chibwibwi ndipo adzaganiza kuti kalatayo ndi yachinyengo. Nanga adobadoba amene amagulitsa makalata okhala ndi zidindo zopeka, ena mpaka kupereka nambala ya mnzawo kuti azidzitcha bwana wakale? Inu ofuna ntchito, musawayandikire. Ife sitiimba nambala imene ili pa kalata yokha, timafufuza nambala ya kampaniyo patokha n'kufunsa ngati munthu wosainayo alipodi, ndipo zikadziwika, ngakhale patapita chaka muli pantchito, chimenecho chokha chimakwana kukuchotsani.

Komabe chimene chimapweteka anthu ambiri si bodza kapena nkhanza, ndi kuchedwa. Bwana sakufuna kukana, sakufunanso kunama, ndiye amangoti mawa, mawa, foni osayankha, akuganiza kuti kukhala chete ndi ulemu. Kumbali yathu kuno, munthu wapambana intavyu, tatumiza fomu ya referensi, tikudikira, takumbutsa kawiri, bwana zii. Malo sangakhale opanda munthu mpaka kalekale, timatenga wachiwiri pa mndandanda, ndipo woyambayo sadzadziwa kuti chinamudyera ntchito ndi chani. Choipitsitsa nchakuti kukhala chete kwanuko timakumasulira moipa kuposa chilichonse chimene mukanalemba, timangoti pali chachikulu chimene akubisa, pamene mwina nkhani yake inali ya buku losalembedwa ngati ya mnyamata wanga uja. Mukalandira pempho yankhani tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti inde kapena ayi, funsani tsiku lomaliza, ndipo ngati ndi ayi muuzeni msanga nthawi ikadalipo yoti apeze wina.

Mnyamata ujayo ndinamulemberanso kalata ina patapita nthawi, yoona, yofotokoza zimene kufufuza kwathu kunapeza, ndinamuuzanso kuti aliyense wofuna kumva za nkhani ya sitoko andiimbire ine. Anaitenga, anathokoza mwaulemu monga mwa khalidwe lake, koma sanandiimbirenso, ndipo palibe kampani imene inaimbapo kufunsa za iye.